Uthenga wa Zaumoyo pa Foni: Njira Yoyenera Ndi Iti?

Uthenga wa zaumoyo umafika pa foni m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mayi amene mwana wake ayenera kulandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14. Chimene mayiyu akufuna ndi kukumbutsidwa tsiku lopita kusikelo. Uthenga wolemba ndiwo womuyenera, chifukwa umafika ngakhale pa foni ya mabatani, sufuna intaneti, ndipo umakhalabe m'foni mpaka auwerenge. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011, chinatumiza mauthenga okumbutsa kwa amayi oyembekezera, ena olemba, ena omvera m'khutu.

Koma mayiyo akakhala ndi funso lake, imuyenera njira yosankha manambala, yonga ija timatumizira ndalama, yoyamba ndi * ndi kutsiriza ndi #. Nayonso sifuna intaneti. Vuto lake ndi lakuti mukachedwa kuyankha imaduka, ndipo mawu ake satsala m'foni. Motero siyenera kudaliridwa pa tsiku la katemera kapena kamwedwe ka mankhwala.

Pulogalamu ya pa foni yamakono imafuna foni yodula, ndalama za intaneti ndi kutchaja kawirikawiri. Imathandiza mlangizi wa zaumoyo wosunga kaundula wa mudzi wonse, koma pokumbutsa tsiku limodzi n'kutaya ndalama.

Ngati foni mumabwerekana m'banja, kumbukirani kuti uthenga wolemba ungawerengedwe ndi wina. Uzani adokotala kapena anamwino musanapereke nambala.