Mmene Mungaitanire Katswiri Kudzafufuza Netiweki Yochedwa ya mu Labu ya Sukulu

Netiweki ya mu labu ya makompyuta ikayamba kukwawa, masukulu ambiri amatumiza uthenga wofanana: "Intaneti yathu ikuchedwa, bwerani mudzaione." Katswiri amafika Loweruka kulibe ana, amayatsa kompyuta imodzi, amaona kuti zonse zikuyenda, kenaka amasiya koteshoni ya rauta yatsopano. Rauta imagulidwa, koma ana akalowa Lolemba vuto lili pompo. Ndaziona izi kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri vuto limayambira m'kalata yomuitanayo.

Zokonzekera zake n'zosavuta. Werengani makompyuta, muone ngati amalumikizidwa ndi mawaya kapena ndi wayifayi, mupeze pepala la mgwirizano wa intaneti losonyeza ma Mbps amene mumalipira, ndiponso mudziwe amene amasunga pasiwedi ya rauta. Ngati palibe akuidziwa, nenani zimenezo m'kalata, katswiri asadzataye theka la tsiku akuifunafuna.

Choyamba: lembani kuti chikuchedwa n'chiyani

Mawu akuti "ikuchedwa" sathandiza munthu. Mphunzitsi wa kompyuta aike kope mu labu kwa sabata imodzi, ndipo vuto likachitika alembe tsiku, nthawi, chiwerengero cha makompyuta amene ayatsidwa, ndi chimene ana amayesa kuchita. Kodi ndi masamba a pa intaneti amene sakutseguka? Kodi ndi mafayilo ochokera pa kompyuta ya mphunzitsi? Kapena kompyutayo imachedwa ngakhale kutsegula Word, ntchito yosafuna netiweki n'komwe? Alembenso ngati vutolo limagwira labu yonse kapena mzere umodzi, komanso ngati limayamba magetsi akangobwera atazima. Kope limeneli mudzalijambule n'kulitumiza pamodzi ndi kalata.

Chachiwiri: pemphani kuyeza, osati kukonza

Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye tikhalepo ndithu. Kalata yanu inene mosapita m'mbali kuti mukufuna kafukufuku ndi lipoti lolembedwa, ndipo kugula zipangizo kapena kukonza ndi ntchito ina imene mudzakambirana lipoti likafika. Akatswiri ambiri amagulitsanso zipangizo. Munthu wotero, ngakhale akhale woona mtima, mukamuuza kuti "dzakonzeni" amayamba kuganiza za chimene angabweretse m'bokosi. Mukamuuza kuti "dzayezeni, mutiuze", ndiye kuti mwamulipira kuti aganize. Musalole chingwe chimodzi kusinthidwa kapena chinthu chimodzi kugulidwa kuyeza kusanathe, chifukwa akasintha zinthu zitatu tsiku limodzi palibe adzadziwe chimene chinali cholakwika.

Kuyezako kuchitike pa malo atatu osiyana, ndipo kalata iwatchule onse atatu. Malo oyamba ndi intaneti imene imalowa pasukulu kudzera pa rauta. Achiwiri ndi netiweki ya m'kati, kutanthauza maswichi, mawaya ndi wayifayi. Achitatu ndi makompyuta eniakewo. Kwa mwana amene wakhala kutsogolo kwa sikirini, matenda atatuwa amaoneka chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu, ngakhalenso mitengo yake.

Ndipo kuyeza konseku kuchitike kawiri: labu ilibe anthu, ndiponso kalasi ili m'kati. Ndikubwereza dala. Katswiri amene wabwera Loweruka kapena pa holide sanayeze vuto lanu, wayeza chipinda chopanda anthu. Lembani m'kalata tsiku ndi piriyodi imene labu imadzaza, monga Lachiwiri pamene a Fomu 3 akuphunzira, ndipo nenani kuti popanda kuyeza kwa nthawi imeneyo lipoti simulilandira.

Sizifunika kuti mukhale katswiri kuti mumvetse zimene adzachite. Kuyeza kophweka kwambiri ndi uku, ndipo mphunzitsi wa kompyuta akhoza kukuchita yekha:

```
ping -n 50 192.168.1.1
ping -n 50 8.8.8.8
```

Mzere woyamba umafunsa rauta ya pasukulu pomwepo. Nambala yake ikhoza kusiyana, ndipo mumaipeza polemba `ipconfig` n'kuyang'ana pa Default Gateway. Pa kompyuta ya waya, yankho liyenera kubwera mu 1 kapena 2 ms popanda lotayika. Mzere wachiwiri umafunsa kompyuta ya kunja, pa intaneti. Woyamba ukakhala bwino koma wachiwiri n'kumadukaduka, vuto lili pa intaneti yolowa kapena pa kuchuluka kwa oigwiritsa ntchito. Woyamba womwewo ukamadukaduka, yang'anani m'nyumba mwanu momwemo, ndipo kuwonjezera ndalama za bando sikudzathandiza.

Pofuna kudziwa liwiro la m'kati, katswiri ayeze pakati pa makompyuta awiri a mu labu momwemo, kawirikawiri ndi pulogalamu ya `iperf3`. Netiweki ya 1000 Mbps yabwinobwino imaonetsa pafupifupi 940, ndipo ya 100 Mbps imaonetsa pafupifupi 94. Amene wangotsegula tsamba loyezera liwiro la intaneti pa foni yake n'kukuonetsani nambala imodzi sanagwire ntchito. Nambala imeneyo siinena kanthu za mawaya anu.

Chitsanzo

Tiyerekeze labu ya makompyuta 40, maswichi awiri a mabowo 24 iliyonse, ndi intaneti ya 10 Mbps. Madandaulo ndi awiri: intaneti imaima cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo ana a mizere ya kumbuyo amachedwa kutsegula mafayilo a pa kompyuta ya mphunzitsi.

Katswiri akuyeza 7 koloko m'mawa n'kupeza 9 Mbps, ndiye kuti kampani ya intaneti ikupereka zimene munagwirizana. Kalasi italowa, kompyuta iliyonse ikupeza zochepera theka la 1 Mbps. Masamu ake ndi apafupi: 10 kugawira 40 ndi 0.25. Atayang'ana mu rauta akupezanso mafoni 30 a aphunzitsi ndi ana amene anamva pasiwedi ya wayifayi, komanso makompyuta angapo akukoka Windows Update nthawi ya kalasi. Zili ngati mudzi wonse kutunga pa mjigo umodzi: kugula zidebe zatsopano sikuchulukitsa madzi. Rauta yatsopano pano sikanasintha chilichonse.

Dandaulo lachiwiri ndi nkhani ina. Pakati pa makompyuta awiri a pa swichi imodzi akupeza 940, koma kuchoka pa swichi yoyamba kupita pa yachiwiri akupeza 94. Waya wa netiweki uli ndi timawaya 8 m'kati, topotedwa tiwiritiwiri. Liwiro la 1000 Mbps limafuna tonse 8, pamene la 100 limangofuna 4. Kamodzi kakaduka kapena kakapanda kugwira bwino kumutu, nthawi zambiri maswichi amangotsikira pa 100 mwakachetechete, timagetsi tikuphethirabe ngati zonse zili bwino. Makompyuta onse a kumbuyo anali kupanikizana pa waya umodzi wovulalawo. Mtengo wokonzera ndi wa waya umodzi. Sukulu imene inangolemba kuti "bwerani mudzakonze" ikanatha kugula maswichi awiri atsopano n'kuwalumikiza ndi waya womwewo.

Pali zina zimene katswiri wodziwa ntchito amayang'ana osauzidwa, koma zilembeni ndithu. Waya wa Cat5e kapena Cat6 usapitirire mamita 100. Pasakhale waya umene mitu yake yonse iwiri yalowa m'swichi imodzi, chifukwa pa maswichi otchipa zimenezi zimatha kuimitsa labu yonse, ndipo ana amachita zimenezi osadziwa akaona waya ukulendewera. Pasakhalenso rauta yachiwiri imene wina anabweretsa n'kumagawa nawo maadiresi. Za makompyuta, atsegule Task Manager pa angapo: Disk ikakhala pa 100% nthawi zonse pa kompyuta ya hadi disiki yakale ndi memore ya 4 GB, netiweki mukuinamizira.

Chachitatu: nenani zimene lipoti likhale nazo

Lipoti likhale lolembedwa, osati la pakamwa ali pa khomo la ofesi ya ahedi. Likhale ndi chojambula chosonyeza mmene zipangizo zalumikizidwira, manambala onse amene anayeza pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake, ndi vuto lililonse limene wapeza limodzi ndi umboni wake. Malangizo awagawe patatu: zongosintha popanda ndalama, zotchipa, ndi zodula zoyembekeza bajeti. Tsamba loyamba lilembedwe m'mawu amene a komiti ya makolo ndi aphunzitsi angamve, popeza ndi iwo adzavomereze ndalama. Lipoti longoti "zipangizo zanu ndi zakale, zonse zisinthidwe" popanda nambala iliyonse libwezeni.

Mtima wa kalata yanu ukhoza kumveka motere: "Tikukupemphani kuti mudzafufuze chimene chikuchedwetsa netiweki ya mu labu yathu ya makompyuta 40. Mudzayeze padera intaneti yolowa, netiweki ya m'kati ndi makompyuta, labu ilibe anthu komanso kalasi ili m'kati. Musadzasinthe kapena kugula chilichonse popanda chilolezo cholembedwa cha ahedi. Tikuyembekezera lipoti lolembedwa pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku loyeza. Lipotilo lidzakhala la sukulu, ndipo tikhoza kulionetsa kwa ena popempha makoteshoni okonzera." Chiganizo chomalizachi musachichotse ngakhale mukuona ngati ndi chamwano. Katswiri wolongosoka sachiopa.

Chachinayi: mtengo ndi malipiro

Labu ya kukula kotere imafuna tsiku limodzi kapena awiri pasukulu ndi theka la tsiku lolemba lipoti. Konzekeraninso thiransipoti ngati sukulu ili kutali ndi tawuni. Mitengo imasintha msanga, choncho pemphani makoteshoni kwa anthu atatu. Chenjerani ndi wonena kuti kafukufuku ndi waulere. Nthawi yake adzaibweza pa zipangizo zimene adzakugulitseni. Gwirizanani kuti gawo la ndalama lidzaperekedwa lipoti likafika ndi kuwerengedwa, chifukwa amene walandira zonse tsiku loyamba sachedwa kusowa pa foni.

Tsiku loyeza, mphunzitsi wa kompyuta ayende naye katswiriyo kuyambira pofika mpaka pochoka, azifunsa ndi kulemba. Makompyuta a mu ofesi amene muli malikisi ndi mbiri za ana asakhudzidwe pokhapokha ahedi atavomera. Katswiri akangochoka, sinthani pasiwedi ya rauta ndi ya wayifayi, muilembe, muisunge mu ofesi ya ahedi.

Lipoti likafika, yambani ndi zosafuna ndalama zija, monga kuchotsa mafoni pa wayifayi ndi kusuntha nthawi ya Windows Update kuti izichitika ana ataweruka. Sinthani chinthu chimodzi, muyezenso ndi kalasi yomwe ija pa piriyodi yomwe ija, muyerekeze ndi manambala a mu lipoti, kenaka mupite pa chotsatira. Musasayine koteshoni ya chipangizo chilichonse chimene lipoti silinasonyeze ndi manambala kuti n'chimene chikuchedwetsa.