Kuyamwitsa sikugwetsa mabere: kalata ya namwino kwa mnzake

Achemwali,

Tsiku lija la sikelo munandiuza katatu kuti mwasanduka gogo, kuti mabere anu angokhala ngati patapata, ndipo mukufuna kumuchotsa mwana kubere "zinthu zisanaipiretu". Mwanayo ali ndi miyezi itatu yokha. Mzere unali wautali ndipo sindinakuyankheni bwino. Ndalemba pano kuti amayi enanso awerenge, chifukwa mphekesera imeneyi tikuimva pa benchi tsiku lililonse la sikelo, ndipo kunena zoona, yatitopetsa.

Kuyamwitsa sikugwetsa mabere. Chimene chimasintha mabere ndi mimba. Kumbukirani mmene anakulira ndi kulemera muli oyembekezera, mwana asanayamweko ngakhale dontho. Pa nthawi imeneyo khungu ndi timinofu togwira bere zinali zitatamuka kale. Mayi amene sanayamwitsepo n'komwe mabere ake amasinthanso akabereka. Zina zimene zimawonjezera ndi zaka, kuchuluka kwa mimba zimene mayi watenga, kunenepa kenako n'kuonda kwambiri, kusuta fodya, komanso kukula kwa bere lenilenilo. Kuyamwa kwa mwana sikuli m'gulu limeneli. Mukasiya lero, bere silibwerera pamene linali muli namwali. Mungomulanda mwana chakudya.

Miyezi yapitayi tinalandira mayi wina amene anamvera zomwezi. Anasiya kuyamwitsa mwadzidzidzi, nagula botolo ndi mkaka wa m'chitini. Chitini chitayamba kutha msanga kuposa ndalama, anayamba kuchepetsa ufa n'kumachulukitsa madzi, botolo akungolitsukuluza. Anabwera mwana akutsegula m'mimba, maso atalowa, liwombo litalowa, thewera louma kuyambira m'mawa. Mayiyo naye bere limodzi linali litatupa gwa ngati mwala, likutentha, thupi likunjenjemera ngati malungo, chifukwa mkaka unadzaza osatuluka. Anagonekedwa onse awiri. Ndipo mabere amene ankawasungawo sanaimirire ayi.

Choncho uthenga ndi womwe uja timaimba m'mawa uliwonse kusikelo: yamwitsani mwakathithi miyezi 6, osapatsa madzi, phala, tiyi kapena mankhwala azitsamba. Ikakwana miyezi 6 yambani phala, koma bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Musasiye kuyamwitsa chifukwa cha galasi. Musasiye chifukwa mlamu wanena. Musasiyenso chifukwa bambo a kunyumba aseka. Abwere nawo kusikelo tidzawafotokozere, mipando ilipo. Mudziwenso kuti mukangosiya kuyamwitsa mwakathithi, mimba ina ikhoza kubwera msambo usanayambe n'komwe, ndipo mimba zothithikana ndi zimene zimalemetsadi thupi. Funsani za kulera.

Za mimba yanu imene mukuti ikuoneka ngati muli ndi pakati pena: chiberekero chimabwerera mwakale pakatha masabata 6, koma minofu ndi khungu la pamimba zimatenga miyezi yambiri. Mzere wakuda wa pansi pa mchombo umazilala wokha. Mizere ya pamimba ndi m'ntchafu imayera pang'onopang'ono ngakhale siitheratu, ndipo mafuta odula amene akukutsatsani saichotsa. Tsitsi limene likutsalira m'chipeso pa miyezi itatu kapena inayi limameranso. Matiyi oondetsa asiyeni, ambiri amangotsegula m'mimba. Kudzimana nsima uku mukuyamwitsa kungokubweretserani chizungulire. Valani kamisolo wokukwanani bwino, idyani zakasinthasintha, yendani.

Koma pali china chimene chinandikhudza kuposa mabere. Munati simufunanso kupita ku tchalitchi kuopa maso a anthu, ndipo mumalira mukamasamba. Kulira ndi kukhumudwa m'masiku oyamba mutabereka kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Inu mwadutsa pamenepo kalekale. Ngati tsiku ndi tsiku mukudziona wopanda pake, tulo sitikubwera ngakhale mwana atagona, chakudya sichikukoma, kapena mwana simukumumvera chikondi, amenewo ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo amachizika. Uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Mukayamba kuganiza zodzipweteka kapena kupweteka mwana, musadikire tsiku la sikelo, bwerani tsiku lomwelo ndi munthu amene mumamukhulupirira.

Bere likatupa, kufiira kapena kutentha, pitirizani kuyamwitsa ndipo mubwere tilione. Musalimange ndi nsalu, musapakepo kanthu kowawa kuti mwana alikane.

Lachitatu ndili pa ntchito. Mubwere ndi buku la mwana, ndipo akatha kumuyeza musathawe ngati tsiku lija, mundidikire.

Ndine mnzanu,
Namwino wa kusikelo