Kumasula Samu za Zaka Pamodzi ndi Mwana Wanu

Mwana akabwera ndi samu yofunsa zaka za anthu, chimene chimamusokoneza kawirikawiri ndi nthawi: funso limakamba za kale ndi za mtsogolo, koma yankho likufunika la lero. Khalani naye pansi ndi pepala, muyesere limodzi funso ili:

Zaka 5 zapitazo, zaka za mayi zinali zofanana ndi za mwana wawo kuchulukitsa ka 7. Zaka 5 zikubwerazi, zidzafanana ndi za mwanayo kuchulukitsa katatu. Kodi aliyense ali ndi zaka zingati lero?

Choyamba, gawani pepala m'magawo atatu: kale, lero ndi mtsogolo. Mzere wapamwamba ukhale wa mwana, wam'munsi wa mayi.

Chachiwiri, sankhani nambala imodzi yosadziwika, muitchule x. Apa nkosavuta kuyambira pagawo la kale ndiponso kwa wamng'ono. Mwana anali ndi zaka x, choncho mayi anali ndi 7x.

Chachitatu, werengani zaka zimene zili pakati pa kale ndi mtsogolo. Kuchokera kale kufika lero ndi 5, kuchokera lero kupita mtsogolo ndi 5 zinanso, zonse pamodzi 10. Zakazi muwonjezere kwa onse awiri, chifukwa chaka chikatha palibe amene amatsalira. Mwana adzakhala ndi x + 10, mayi 7x + 10.

Tsopano lembani chiganizo chachiwiri cha funso m'manambala:

```
7x + 10 = 3(x + 10)
7x + 10 = 3x + 30
4x = 20
x = 5
```

Pamzere wachitatu tachotsa 3x ndi 10 mbali zonse ziwiri, kenaka tagawa ndi 4.

Apa ana ambiri amaika pensulo pansi n'kunena kuti yankho ndi 5. Mufunseni kuti: "Kodi 5 ameneyu ali m'gawo liti?" Ali m'gawo la kale, pamene mayi anali ndi 35. Lero mwana ali ndi zaka 10, mayi 40.

Zolakwika zina ziwiri zimadziulula zokha. Mwana akaiwala kuchulukitsa 10 ndi 3, n'kulemba 3x + 10, amapeza x = 0. Akawonjezera zaka 5 zokha m'malo mwa 10, amapeza 2.5. Mafunso otere nthawi zambiri amakhala ndi yankho la zaka zathunthu, ndiye ziro kapena theka zikatuluka, abwerere papepala la magawo lija.

Pomaliza, tsimikizani yankho. Mtsogolo mwana adzakhala ndi 15, mayi 45, ndipo 15 kuchulukitsa katatu ndi 45. Onaninso kusiyana kwa zaka zawo: 35 ndi 5, 40 ndi 10, 45 ndi 15. Paliponse ndi 30, popeza kusiyanaku sikusintha. Gawo limodzi likapereka nambala ina, cholakwa chili pomwepo.

Akamvetsa, mupatseni zaka zanu zenizeni ndi zake kuti apange funso lakelake, inu mulimasule iye akuchonga.