Funso loyamba pa mtengo wa zisankho

Tiyerekeze kuti tili ndi minda 8 ya chimanga: 4 idakolola bwino, 4 ayi. Kompyuta ikufuna funso limodzi lolekanitsa mindayi. Isankha liti?

Imayeza kusakanikirana kwa gulu lililonse ndi muyeso wa Gini, 1 − (p² + q²), pomwe p ndi gawo la minda yabwino, q la yolephera. Poyambira tili pa 0.5. Gulu la mtundu umodzi wokha limapereka 0.

Tifunse: adathira feteleza? Mwa minda 4 yothiridwa, 3 idachita bwino. Mwa 4 inayo, umodzi wokha. Mbali iliyonse ikupereka 0.375.

Nanga adabzala ndi mvula yoyamba? Minda 3 yotero yonse idachita bwino, choncho 0. Mwa 5 yotsala, wabwino ndi umodzi: 1 − (0.04 + 0.64) = 0.32. Koma gululi ndi minda 5 mwa 8, ndiye timachulukitsa ndi 5/8, kupeza 0.2. Funso la mvula lapambana, ngakhale ambirife tikadathamangira feteleza.

Chenjerani apa: tikafunsa dzina la mwini munda, gulu lililonse likhala ndi munda umodzi, Gini n'kukhala 0. Komatu pakabwera munda wa mlimi wachilendo, mtengowo usowa choyankha.