Kulemba Mawu a Kanema wa Mphindi Imodzi: Malangizo kwa Atelala

Ndakupatsani moni nonse omvera, makamaka inu amisiri a singano ndi ulusi amene mumakhala m'makonde a masitolo ndi m'misika, mwendo uli patchipatchipa pamakina kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Popeza masiku ano ambiri mwa inu mwayamba kujambula ntchito ya manja anu pafoni ndi kuitumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti anthu aione, ndaganiza kuti lero tikambirane za pepala limene liyenera kulembedwa foni isanatuluke m'thumba, pakuti kanema wa mphindi imodzi amakoma kapena kuipa papepalapo, kamera isanaone kanthu.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri nchakuti telala, pofuna kuti dziko lidziwe luso lake lonse, amaunjika m'mphindi imodziyo masuti, madiresi a ukwati, mayunifolomu, makatani ndi zikwama, kotero kuti woonera, akafika pamapeto, amangodziwa kuti munthuyu amasoka, chinthu chimene anachidziwa kale poona makina. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chovala chimodzi, ndipo sankhaninso munthu mmodzi amene mukumulankhula, wodziwika m'maganizo mwanu ngati kuti waima pakhonde panu. Zovala zinazo zidzakhala ndi makanema ake masiku ena.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, tiyeni titenge telala amene akufuna kugulitsa diresi ya yunifolomu ya mtsikana wa kupulayimale, ndipo mwezi ndi wa Ogasiti, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira mu Seputembala. Munthu amene akumulankhula si mwana wovala diresiyo ayi, koma mayi kapena gogo amene adzatulutsa ndalama. Tsono funso loyamba, limene telalayo ayenera kulilemba pamwamba pa pepala ndi kuliyankha m'chiganizo chimodzi, ndi ili: kodi nchiyani chimamupweteka mayiyu pa nkhani ya yunifolomu? Yense amene analerapo mwana adziwa yankho lake, kuti diresi yogulidwa chaka chino imafupika chaka chamawa nsalu ikadali yolimba, ndiponso kuti imayamba kung'ambika m'khwapa ndi pathumba. Ngati telala wathu amasiya mpendero waukulu kumunsi kwa diresi ndipo amadutsa kawiri pa misoko yovutayo, ndiye kuti uthenga wake wapezeka, ndipo mawu ena onse, monga akuti ndife akatswiri, ndife odalirika, zathu nzapamwamba, angathe kuwasiya, chifukwa telala aliyense mumsikamo amanena zomwezo, ngakhale amene amasoka zokhota.

Uthenga ukapezeka, tengani pepala ndi kulemba mzere pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere muzilemba chimene diso lidzaona, kumanja chimene khutu lidzamva, ndipo m'mphepete muzilemba masekondi. Ubwino wa mzerewu ngwakuti umakuonetsani msanga pamene pakamwa pakungobwereza zimene diso laona kale. Ngati kumanzere mwalemba kuti diresi ya buluu ili pahang'ala, ndipo kumanja mwalemba kuti iyi ndi diresi ya buluu, mwataya masekondi atatu pouza munthu wopenya chinthu chimene akuchipenya. Pakamwa pazinena zimene chithunzi sichingathe kunena chokha: chifukwa chake, tsiku lake, ndi malo ake.

Tsopano mverani mmene pepala la telala wathu lingakhalire. Kuyambira pachiyambi kufikira sekondi 5, kumanzere alembe kuti manja ake akutambasula kumunsi kwa diresi, tepi yoyezera itagona pampendero, kumanja alembe funso lakuti, "Mayi, diresi ya chaka chatha yafupika kale?" Onani kuti palibe moni pamenepo. Ndikudziwa kuti kwa ife, amene tinaphunzitsidwa kuti munthu sayamba nkhani asanafunse za kunyumba, ichi chimamveka ngati mwano, ndipo inenso ndayamba ndi moni pano. Koma wailesi ili ndi nthawi, pamene munthu wogwira foni chala chake chili kale panjira yopita kwa wina. Telala akayamba ndi kupereka ulemu kwa makasitomala ake onse olemekezeka, natchula dzina lake, dzina la shopu ndi chaka chimene anayamba kusoka, masekondi 15 amatha diresi isanaoneke, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a kanema lapita. Ulemu wonse wofunika uli m'liwu lija lakuti Mayi, likanenedwa mofatsa.

Kuyambira sekondi 5 kufikira 20, kamera iyandikire tepi kuti manambala aoneke bwino, kenaka chala chiloze pamene mpendero wathera. Mawu ake akhale akuti, "Diresi iyi taipinda mainchesi 3 kumunsi. Mwana akatalika, bwerani nayo tidzaitsitse." Ngati telalayo amatsitsa mpendero kwaulere, awonjezere liwu limenelo, koma ngati amalipiritsa, asalilembe konse, pakuti lonjezo lonenedwa pakanema limasungidwa m'mafoni a anthu, ndipo tsiku lina mayi adzafika nalo pakhonde namuonetsa mwini wake akulumbira. Kuyambira sekondi 20 kufikira 35, manja atembenuze diresi kuti mkati mukhale kunja, aonetse msoko wa m'khwapa ndi wa pathumba, aukoke pang'ono kuti uoneke kuti sukutseguka, pamene mawu akuti, "Onani mkati. M'khwapa ndi pathumba tadutsamo kawiri, chifukwa ndimo ana amang'ambira." Apa ndiye pamtima pa kanema yense, ndipo telala asafulumire, pakuti mayi wogula zovala amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, nchifukwa chake pamsika amayamba watembenuza chovala asanafunse mtengo, ndipo mmisiri amene wamutembenuzira yekha wamuyankha funso asanalifunse.

Kuyambira sekondi 35 kufikira 47, tepi ioneke ikuyeza phewa, ndipo mawu akhale akuti, "Bwerani ndi mwana tidzamuyeze. Mukabwera Lolemba, Lachinayi mwatenga." Masikuwo akhale amene telala angawakwanitse pa nyengo ya chipwirikiti, sukulu zili pafupi kutsegulira, osati a mwezi umene makina amakhala chete. Ngati phewalo ndi la mwana, pemphani chilolezo kwa makolo ake poyamba, ndipo nkokwanira kuonetsa phewa ndi msana popanda nkhope. Masekondi 13 otsalawo ndi a khomo: chithunzi cha khonde monga limaonekera kwa munthu wochokera kumsewu, kenaka nambala ya foni yolembedwa ndi zilembo zazikulu, ndi mawu akuti, "Tili kuseri kwa chigayo, khonde lobiriwira. Nambala ndi imeneyo." Nambala za foni zathu zili ndi manambala 10, ndipo kuziwerenga pakamwa kumadya nthawi yambiri pamene womvera sangazisunge m'mutu, choncho nkwabwino kuti nambalayo ingokhala poonekera nthawi yokwanira kuti munthu aiwerenge kawiri. Pemphani chinthu chimodzi chokha pamapeto. Mukati imbani, bwerani, tumizani uthenga, uzaninso anzanu, woonera amasowa poyambira.

Mukawerenga mawu onse a kumanja aja mupeza kuti ndi pafupifupi 50 basi, ndipo ena a inu mudabwa kuti mphindi yathunthu ingadzazidwe bwanji ndi mawu ochepa chotere. Mawu a Chichewa ngaatali. Liwu limodzi lakuti tidzaitsitse lanyamula wochita, nthawi ndi chinthu chochitidwacho, ndipo lilime limafuna mpata kuti lilitchule bwino. Chifukwa chake musadalire kuwerenga mawu papepala, koma imirirani, tsegulani wotchi ya pafoni, ndi kuwerenga mokweza monga mmene mungalankhulire ndi mayi wachikulire. Kulankhula konse kukapitirira masekondi 40, chotsani chiganizo china, osati kuthamangitsa lilime, pakuti masekondi otsalawo ndi a maso, kuti aone msoko popanda wowasokoneza. Pamene mwapunthwa powerenga, kapena mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, dziwani kuti vuto lili m'chiganizocho, ndipo chiduleni pawiri.

Nanga mtengo? Ine ndimalangiza kuti utchulidwe, chifukwa mayi amene sakudziwa mtengo amaopa kuchita manyazi pakhonde, koma ulembedwe pachithunzi kapena m'mawu otsagana ndi kanema, osati kunenedwa pakamwa. Tonse tikukumbuka kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya nsalu, ulusi ndi mazipi inasintha posakhalitsa. Mtengo wolembedwa umasinthika mosavuta, pamene wonenedwa pakamwa umafuna kuti mujambulenso mawu. Nenaninso poyera ngati mtengowo ndi wa kusoka kokha kapena ndi nsalu yomwe, ndiponso ngati ndi wa msinkhu uti, popeza diresi ya mwana wa Sitandade 1 sidya nsalu yofanana ndi ya wa Sitandade 8.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene ziyenera kulembedwa kumanzere kwa pepala kuti zisaiwalike pojambula. Anthu ambiri amaonera makanema mawu atatsekedwa, ali m'minibasi kapena pamaliro, motero mfundo zazikulu, monga mpendero wa mainchesi 3 ndi masiku otengera, zilembedwenso pachithunzi m'mawu atatu kapena anayi, pakati pake, chifukwa kumunsi ndi kumwamba kumaphimbika ndi zolemba za WhatsApp kapena Facebook. Foni iimirire choongoka, monga mmene oonera amaigwirira. Kuwala kuchokere kumbuyo kwa wojambula; akaloza kamera kukhomo lowala, msoko umasanduka mthunzi. Ndipo lembani kuti makina aime pamene mukulankhula, kapena mujambule mawuwo padera m'chipinda chachete madzulo, pakuti phokoso limene khutu la telala linazolowera kalekale, foni imalitola lonse.

Pepala likatha, musanajambule, liwerengereni munthu amene sadziwa ntchito yanu, kamodzi kokha, mukumuonetsa diresi monga mwalembera. Kenaka mufunseni kuti chikugulitsidwa nchiyani, chikusiyana pati ndi za ena, ndipo akachifuna apite kuti. Akayankha kuti mumasoka zovala zabwino, ndiye kuti gawo la mpendero ndi msoko silinamveke, ndipo mulilembenso. Akakumbukira mpendero koma nasowa njira, onjezani masekondi pa khonde ndi nambala, ndipo muwachotse pa gawo loyeza phewa, limene lingathe kufupika kufikira masekondi 8 popanda kuwononga kanthu.