Mukafuna malangizo kwa katswiri amene simudziwana naye

Mayi wina watiuza kuti nkhuku zake zikufa, ndipo akufuna kulankhula ndi dokotala wa ziweto amene nambala yake anangopatsidwa ndi mnansi. Ayambe bwanji?

Mayi, musaflashe. Wofuna thandizo ndinu, ndiye ndalama ya foni ikhale yanu. Komanso musalembe "Moni" yekha n'kukhala chete kudikira yankho. Munthu wotanganidwa akaona uthenga wotere pa nambala yachilendo amaudutsa, poganiza kuti chikubwera ndi pempho la ndalama.

Lembani zonse mu uthenga umodzi, motere: "Moni adokotala. Ndine mlimi wa ku Mponela, nambala yanu wandipatsa ndi mnansi wanga. Ndili ndi nkhuku zachikuda 40, ndipo 6 zafa sabata ino zitapinda khosi. Ndikufuna kudziwa ngati ndi chitopa, komanso ngati zotsalazo ndingazipatsebe katemera. Mungandipatse mphindi 10 pa nthawi imene muli omasuka? Ndiimba ndine."

Mwamva? Adokotala akudziwa kuti ndinu ndani, nambala mwaipeza kuti, ndiponso kuti mudzawadyera nthawi yochuluka bwanji. Funso nalo ndi loyankhika. Mukanati "ndiphunzitseni ulimi wa nkhuku", akanayambira pati?

Akavomera, imbani pa nthawi imene mwagwirizana, cholembera chili m'manja, ndipo mphindi 10 zikakwana tsanzikani nokha, pokhapokha iwo atafuna kupitiriza. Akakhala chete, kumbutsani kamodzi mawa lake, popeza matenda a nkhuku sadikira. Akapanda kuyankhabe, pitani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu.