Kalata Yopempha Pulinta ya Kalabu

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera ku Kawale, ndipo ana a kalabu yathu amatha nthawi kukopera zithunzi za pa bolodi. Kodi ndilembe motani kwa ahedi kuti atigulire kapulinta?

Yankho: Aphunzitsi, popeza ahedi sagwira okha thumba la sukulu, koma amakaonekera pamaso pa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kalata yanu ikhale yoti iwo akaiwerenge kumeneko osachita manyazi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Musatchule mtengo wa makina wokha, chifukwa chimene chimagwetsa mapulinta ambiri ndi inki ndi mapepala. Werengerani poyera: ngati ana ali 40, ndipo aliyense alandira masamba awiri pa sabata, m'teremu ya masabata 12 mudzafuna masamba 960, ndiwo marimu awiri a mapepala 500. Pambali pake ikani ndalama zimene mukadalipira kufotokope pa masamba omwewo, ndipo mulumikize makoteshoni atatu a m'masitolo a ku Old Town.

Ine ndikadapempha ya leza yosindikiza zakuda zokha, pakuti tona wake ndi ufa umene suuma pa holide, pamene ya inki yamadzi, ikakhala masabata osagwira ntchito, imatsekeka timabowo nkuyamba kutulutsa mizere yoduka. Onjezaninso kachipangizo koiteteza magetsi akabwera mwamphamvu atazima.

Pomaliza nenani amene adzasunge kiyi ndi kaundula wa masamba osindikizidwa, ndipo kalatayo ifike bajeti ya teremu isanakhazikitsidwe.